Kumbuyo kwa Ntchafu Kukang'ambika Uli pa Liwiro

Wosewera mpira akavulala bondo kapena akakolo, nthawi zambiri pamakhala womuvulaza, ndipo bwalo lonse limamuloza chala. Kuvulala kwa kumbuyo kwa ntchafu kumachitika munthu asanakhudzidwe ndi aliyense. Ali yekhayekha pa liwiro la mtondo wadooka, akuthamangira mpira umene amuponyera kutsogolo, kenaka mwadzidzidzi dzanja lapita kumbuyo kwa ntchafu ndipo wayamba kudumphira mwendo umodzi. Ena amacheuka kufuna kuona amene wawagenda, pomwe palibe. Osewera amati hamusitiring'i yagwira. Ku Ulaya, kumene makalabu akuluakulu amalemba kuvulala kulikonse, kafukufuku wa UEFA anapeza kuti mu nyengo ya 2001/02 vutoli linali 12 mwa kuvulala 100 kulikonse, koma pofika 2021/22 linali litafika pa 24. Choipa chake china n'chakuti limakonda kubwereza, ndipo likabwereza limatero kawirikawiri m'miyezi iwiri yoyambirira munthu atabwerera m'bwalo. Chifukwa chachikulu n'chakuti ululu umatha msanga mnofu usanalimbe.

Kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu italiitali. Imayambira pa fupa limene timakhalira, lija limapweteka mukakhalitsa pa benchi la thabwa, n'kutsika mpaka kudutsa bondo. Umodzi umatsikira cha kunja kwa mwendo, iwiri cha mkati. Popeza imadutsa chiuno ndi bondo lomwe, imakokedwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi mwendo ukaponyedwa kutsogolo. Ganizirani chingwe cha khonje chotungira madzi pachitsime. Ndi timaulusi tambirimbiri topotedwa pamodzi, ndipo kumapeto kwake kuli mfundo yomangirira ku chigwiriro cha ndowa. Mnofu nawo ndi timaulusi totero, ndipo kumapeto kwake timalumikizana ndi mtsempha wolimba woyera umene umagwira fupa.

Aliyense amene anatungapo madzi amadziwa kuti chingwe sichiduka pamene mukukoka ndowa pang'onopang'ono. Chimaduka ndowa yodzaza ikapulumuka m'manja, n'kuyamba kugwa, inu n'kuigwira mwadzidzidzi. Kulemera n'komweko, koma kugwedeza kuja n'kumene kumadula. Pothamanga zimachitikanso chimodzimodzi pa sitepe iliyonse. Ntchafu ikapita kutsogolo, mwendo wa m'munsi umaponyeka ndi liwiro lalikulu, ndipo phazi lisanaponde pansi pamafunika chougwira kuti bondo lisawongoke mopitirira. Ntchito imeneyi ndi ya minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Imakhala ikukoka ndi mphamvu zake zonse pa nthawi yomwe ikutalikitsidwa. Katunduyu amakula kwambiri liwiro likamayandikira mapeto ake, n'chifukwa chake munthu akhoza kuthamanga mtunda wautali mwapang'onopang'ono osamva kanthu, koma n'kung'ambika pa mamita 20 a liwiro lenileni. Mwa minofu itatu ija, umene umang'ambika kawirikawiri pothamanga ndi wa kunja, umene madokotala amautcha baisepusi femorisi, ndipo umang'ambikira pafupi ndi pamene timaulusi takumana ndi mtsempha, monga chingwe chimadukira pafupi ndi mfundo.

Funso loyamba m'bwalo limakhala lakuti, kodi n'kukokana chabe kapena kwang'ambika? Kukokana kumabwera munthu atatopa, mnofu wonse umauma gwa, ndipo mnzanu akakuwongolani mwendo n'kuukankha pang'ono kumamasuka m'mphindi zochepa. Kung'ambika kumabwera pa sitepe imodzi imene munthu akhoza kuitchula, ululu wake amauloza ndi chala chimodzi, ndipo kuwongola mwendo kumauwonjezera. Pa tsiku loyamba ngakhale akatswiri amasokonezeka. Usain Bolt atagwa mu mpikisano wake womaliza ku London mu Ogasiti 2017, pa liwiro lopatsirana kamtengo, poyamba kunanenedwa kuti mnofu wangokokana. Patapita masiku angapo iye mwini anaulula kuti makina aonetsa kung'ambika kwa mnofu wa kunja wa ntchafu ya kumanzere, kofunika miyezi itatu. Ndiye mukakayika, mutulutseni wosewerayo. Chizolowezi chathu chomugoneka chagada, kumunyamula mwendo n'kuukankhira kumutu ndi mphamvu, kenaka kumuuza kuti ayesere kuthamanga, chimathandiza wokokana koma chimakulitsa bala la wong'ambika.

Madokotala amagawa kuvulalaku patatu. Gawo loyamba ndi pamene timaulusi tochepa tokha taduka. Munthu amayenda, mwina motsimphina pang'ono, mphamvu imakhalapo ndithu, ndipo ambiri amabwerera pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Gawo lachiwiri ndi pamene mbali ndithu ya chingwe yaduka koma china chikugwirabe. Apa kutsimphina kumaoneka, mphamvu yopindira bondo imachepa, ndipo masabata anayi mpaka asanu ndi atatu si achilendo. Gawo lachitatu ndi pamene mnofu waduka wonse, kapena mfundo yamasuka ku chigwiriro, kutanthauza kuti mtsempha wazuka pa fupa. Imeneyi ndi nkhani ya miyezi ndipo nthawi zina opareshoni. Manambalawa ndi ongokupatsani chithunzi. Anthu awiri a gawo limodzi akhoza kusiyana ndi mwezi wathunthu, choncho chothandiza kwambiri ndi kudziwa kuwerenga zizindikiro za mwendo umene uli pamaso panu.

Chizindikiro chotsika mtengo kuposa zonse ndi kuyenda. Ofufuza a ku Australia, poyang'ana osewera mpira wa kwawoko, anapeza kuti amene anatenga nthawi yoposa tsiku limodzi asanayende mopanda ululu anali ndi mwayi wochuluka kanayi wokhala kunja kupitirira masabata atatu. Choncho lembani tsiku limene munayamba kuyenda bwinobwino, mwa mayendedwe anu a masiku onse, osati tija timasitepe tating'onoting'ono tozemba ululu.

Chachiwiri ndi malo ake. Gonani chafufumimba, mnzanu apeze fupa lokhalira lija m'munsi mwa thako, kenaka atsike ndi zala pang'onopang'ono akudinikiza mpaka apeze pamene pakupweteka kwambiri. Ayeze mtunda kuchokera pa fupa kufika pamenepo, ayezenso kutalika kwa chigawo chonse chopweteka. Ululu ukakhala pakati pa ntchafu, pa mnofu wofewa, nkhani imakhala yabwinopo, chifukwa pamenepo pamayenda magazi ambiri ndipo pamapola msanga. Ukakhala pafupi ndi fupa, makamaka ngati kukhala pa mpando wolimba kukupweteka, ndiye kuti mtsempha wakhudzidwa, ndipo mtsempha umapola mochedwa chifukwa magazi amafikako ochepa.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Carl Askling, katswiri wa ku Sweden amene wafufuza kwambiri za minofu imeneyi, anaonetsa kuti pali mitundu iwiri ya kuvulalaku. Wina ndi wa liwiro, umene taufotokoza. Wina ndi wa kutambasuka, umene umachitika mwendo ukakwezedwa kwambiri kapena kutanyuka, monga potambasula phazi kufuna mpira wa m'mwamba kapena poterereka pa udzu wonyowa. Wa liwiro umapweteka koopsa tsiku loyamba, munthu mpaka kumunyamula, koma umachita changu kupola. Wa kutambasuka umaoneka waung'ono, munthu amatha kutuluka m'bwalo akuyenda yekha, koma umagwira mnofu wa mkati pamwamba penipeni pafupi ndi fupa. Pa kafukufuku wake, othamanga ovulala pa liwiro anatenga pafupifupi masabata 16 kuti abwerere pa mlingo wawo wakale, pamene ovina ovulala potambasuka anatenga pafupifupi masabata 50. Kukula kwa ululu wa tsiku loyamba sikukuuzani zambiri. Funsani kuti munthu amachita chiyani pamene zimachitika.

Chizindikiro chachitatu ndi mphamvu. Wovulalayo ali chafufumimba, apinde bondo, inu mugwire chidendene n'kumuuza kuti akokere ku thako inu mukukaniza. Yambani ndi mwendo wabwino kuti mudziwe mphamvu yake yeniyeni. Yesani kawiri: bondo litapindidwa theka, kenaka litatsala pang'ono kuwongoka. Kuyesa kwachiwiriku n'kumene kumaulula zambiri, popeza mnofu umakhala wotalika monga umakhalira pothamanga. Ambiri amakhoza koyamba n'kulephera kwachiwiri.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira kunyumba. Ngati munthu anamva kuti phwa, akulephera kuponda, akuyenda mwendo uli chiwongokere, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu magazi aundana pansi pa khungu kuyambira pa ntchafu mpaka kuseri kwa bondo, apite kuchipatala sabata yomweyo. Pa khungu lakuda magaziwa saoneka msanga, choncho yang'anani pa dzuwa n'kuyerekeza ndi mwendo winawo. Pamakhala podera kwambiri ndi potupa. Dzenje logwirika ndi chala m'munsi mwa thako, kapena chotupa cha mnofu chimene chatsikira m'munsi, chimasonyeza kuti mtsempha wazuka n'kubwerera. Madokotala amaganizira za opareshoni mitsempha yonse itatu ikazuka, kapena iwiri ikachoka pa fupa kupitirira masentimita awiri, ndipo kusoka kumayenda bwino m'masabata oyambirira mnofu usanaumire pamene wathawirapo. Dzanzi kapena ululu woyaka wotsika mpaka ku phazi umasonyeza kuti mtsempha waukulu wa m'mwendo, umene umadutsa pafupi pomwepo, wakhudzidwa, kapena kuti gwero la vuto lili ku msana. Kutupa ndi kutentha kwa katumba wa m'munsi mwa bondo nakonso n'kofunika dokotala mwamsanga, popeza kukhoza kukhala kuundana kwa magazi m'mitsempha. Ndipo samalani ndi ana a sukulu. Mwa mnyamata kapena mtsikana amene akukulabe, fupa lokhalira silinagwirane kwathunthu, ndiye m'malo moti mnofu ung'ambike, kachidutswa ka fupa n'kamene kamazuka. Wa zaka 14 kapena 15 wolozera ululu pa fupa penipeni ajambulidwe ekisire.

Ngati zizindikiro zoopsazi palibe, kusowa makina a MRI kusakudetseni nkhawa. Ngakhale kumene makinawa ali ponseponse, kwapezeka kuti sanena molondola tsiku lobwerera, ndipo osewera ambiri amene achira bwino amaonetsabe zipsera pa chithunzi. Manja a katswiri wa fiziyo ndi mayeso obwerezabwereza amanena zambiri.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24, wosewera kumbali, amene wavulala Loweruka pothamangira mpira chakumapeto kwa masewero. Akutsimphina koma akuponda. Ululu uli cha kunja, masentimita 12 kuchokera pa fupa lokhalira, pa chigawo chotalika ngati chala. Lamlungu akutsimphinabe, Lolemba pang'ono, Lachiwiri akuyenda bwino. Masiku atatu amenewo akutiuza kale kuti asayembekezere kusewera Loweruka likubwerali, ngakhale lotsatira lake.

M'masiku awiri kapena atatu oyambirira ntchito ndi yochepetsa kutuluka kwa magazi mkati. Amange bandeji yotanuka molimba koma osafika pochititsa dzanzi, aike madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kangapo pa tsiku ngati alipo, ndipo ayende pang'ono m'nyumba mmene ululu ukulolera. Kuthowa ndi madzi otentha, kupaka mankhwala otentha aja, kufikisa ndi zala zamphamvu ndi kumwa mowa, zonsezi zimatsegula mitsempha ya magazi pa nthawi imene tikufuna itseke. Ndikudziwa kuti agogo akunyumba sangamvetse kuti mwana wavulala koma osamuthowa. Apempheni adikire masiku atatu. Kufikisa mwankhanza mnofu wongong'ambika kumene kukhoza kuyambitsa chotupa cholimba ngati fupa mkati mwa mnofu, chimene chimachedwetsa zonse. Pa ululu, panado akwanira. Kugona pa bedi sabata yonse nako n'kulakwitsa kwina, chifukwa mnofu wosagwira ntchito umafota ndipo chipsera chimapola chokhwinyata.

Pamenepa chitsanzo cha chingwe chimatithandiza theka lokha. Chingwe chikaduka n'kuchilumikiza, chimafupika ndipo pa mfundo yatsopanoyo pamakhala pouma, posatanuka. Mukachigwedezanso chimadukira m'mbali mwa mfundoyo. Mnofu umachitanso choncho. Thupi limayamba ladzaza mpata ndi chipsera, ndipo mnofu wosiyidwa osaugwiritsa ntchito umatsala wofupika ndi wofooka makamaka ukatalikitsidwa. Koma chingwe sichikhala ndi moyo, pamene mnofu umamva katundu n'kudzimanga molingana naye. Ukapatsidwa ntchito yokoka uli wotalika, pang'ono lero, kuwonjezera mawa, timaulusi tatsopano timayala motsata njira imene mphamvu imadutsa, ndipo mnofu umatalikanso. Katundu woyezedwa bwino ndiye mankhwala ake.

Askling ndi anzake anayesa zimenezi pa osewera mpira a ku Sweden n'kufalitsa zotsatira mu 2013. Gulu lina linachita zolimbitsa thupi za masiku onse, lina linachita zitatu zogwiritsa mnofu ntchito uli wotalika, kuyambira tsiku lachisanu chivulalire. Gulu loyamba linabwerera patatha masiku 51 tikatengera pakatikati, lachiwiri masiku 28. Zitatuzo sizifuna jimu. Choyamba, mnyamata wathu agone chagada, agwire ntchafu ndi manja awiri italoza kudenga, n'kumawongola bondo pang'onopang'ono mpaka pamene ululu ukufuna kuyamba, aimire pomwepo n'kubweza. Maulendo 12, katatu, m'mawa ndi madzulo. Chachiwiri, aime ndi mwendo wovulala bondo litapindika pang'ono, aweramire kutsogolo manja atatambasula, mwendo winawo ukukwera kumbuyo, kenaka adzuke. Maulendo asanu ndi limodzi, katatu, kudumphitsa tsiku. Chachitatu ndi chovutirapo. Agwire tebulo kapena khoma, mwendo wovulala uli kutsogolo thupi litatsamira pa chidendene chake, phazi linalo liponde kansalu pa simenti yosalala n'kumatererekera kumbuyo. Pobwerera adzikoke ndi manja, osati ndi mwendo wovulala. Maulendo anayi, katatu, kamodzi pa masiku atatu.

Kodi kupweteka pang'ono n'kololedwa? Kafukufuku wina wa ku Australia analola ovulala kuchita zolimbitsa thupi ululu usanapitirire 4 pa 10, ndipo sizinawapweteke; mphamvu zawo zinabwerera bwinopo kuposa amene ankapewa ululu uliwonse, ngakhale tsiku lobwerera silinasinthe kwenikweni. Ine ndimaona kuti lamulo losavuta ndi la m'mawa wotsatira. Mukadzuka mwendo uli chimodzimodzi kapena bwinopo, dzulo munachita zoyenera. Mukadzuka ukupweteka kuposa dzulo, munapitirira, bwererani sitepe imodzi. Kunyong'onya kolobodoka n'kololedwa, koma kubaya kwa mwadzidzidzi pa malo a bala kukutanthauza kuti lekani lero.

Kuthamanga kumayamba msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Mnyamata wathu akatha kuyenda mwandawala kwa mphindi 20 osamva kanthu, mwina cha pa tsiku la 6 kapena la 7, akhoza kuyamba kuthamanga pang'onopang'ono ndi masitepe aafupi. Pofika tsiku la 10 adzakhala akuzungulira bwalo osamva chilichonse, ndipo apa ndi pamene vuto limayambira. Adzapita kwa kochi n'kunena kuti, "Akochi, ndachira, mundiike Loweruka." Kochi naye, poona kuti ndi fainolo ya bonanza ndipo kumbali kulibe wina, adzafuna kukhulupirira. Koma kuzungulira bwalo kuli ngati kutsitsa ndowa yopanda madzi ndi chingwe chongolumikiza kumene. Chagwira, inde, koma sichinayesedwe pa ntchito imene chinadukira.

Njira yabwino ndi kukwera ndi wotchi m'manja, chifukwa munthu akauzidwa kuti athamange theka la liwiro lake sadziwa kuti theka ndi liti. Yezani mamita 40 pa malo osalala opanda maenje, ndi mamita ena 20 oyambira ndi 20 oimira, kuti asanyamuke kapena kuima mwadzidzidzi. Tinene kuti asanavulale amadutsa mamita 40 amenewo m'masekondi 6. Ndiye masekondi 10 ndi 60 pa 100 ya liwiro lake, masekondi 8 ndi 75, masekondi 7.5 ndi 80, ndipo masekondi 6.7 ndi pafupifupi 90. Mnzake aime ndi foni n'kumawerenga. Ayambe pa masekondi 10, maulendo asanu ndi limodzi, akubwerera poyambira moyenda. Ngati zonse zili bwino tsiku limenelo ndi m'mawa wake, ulendo wotsatira atsike pa masekondi 9, kenaka 8. Mpaka apa ambiri amakwera mwachangu. Kuchokera pa 80 kupita m'mwamba ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa kusiyana kwa kachigawo ka sekondi pa wotchi n'kusiyana kwakukulu kwa katundu pa mnofu. Pamenepa atsike pang'onopang'ono, 7.5, kenaka 7, kenaka 6.7, kenaka 6.3, ndipo pakati pa masiku a liwiro pazikhala tsiku limodzi kapena awiri opanda liwiro. Tsiku lina pa masekondi 7 akhoza kumva kukoka pa malo a bala pa ulendo wachinayi. Asamalize awiri otsalawo kuti aonetse chamuna. Aime, apume masiku awiri, ayambirenso pa 7.5. Kubwerera kotereku kumamudyera masiku atatu kapena anayi, pomwe kung'ambikanso kumamudyera kawirikawiri nthawi yotalika kuposa ya poyamba.

Asanaloledwe liwiro lonse, abwererenso pa mphasa. Zala zidutse pa malo a bala zikudinikiza ndithu, ndipo pasapweteke kuposa malo omwewo a mwendo winawo. Akoke chidendene bondo litatsala pang'ono kuwongoka, ndi mphamvu zonse, popanda ululu, ndipo wogwira asamve kusiyana pakati pa miyendo. Atagona chagada, mwendo wowongoka ukwere kufika pamene winawo ukufika. Palinso yeso lowerengeka: agone chagada, chidendene chimodzi pa benchi bondo litapindika pang'ono, mwendo winawo m'mwamba, n'kumakweza chiuno mpaka thupi liwongoke, kubwereza mpaka atatopa. Ngati mwendo wabwino wafika 28 ndipo wovulala waima pa 19, sanakonzeke ngakhale akulumbira kuti sakumva kanthu. Wafika 26 kapena 27, ndiye kusiyana kwatsika pansi pa 10 pa 100, umene ndi mlingo umene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito.

Yeso lomaliza nalo linachokera kwa Askling, ndipo limachitika pokhapokha ena onse atakhoza. Munthu amagona chagada, mnzake atapanikiza mwendo winawo ndi chiuno pansi, ndiye amaponya mwendo wowongoka m'mwamba mwachangu kwambiri ndi motalika mmene angathere, katatu. Chimene mukuyang'ana si ululu wokha komanso mantha. Mukaona akuzengereza, akuchepetsa liwiro mwendo usanafike pamwamba, kapena nkhope ikukwinyika usananyamuke n'komwe, ndiye kuti thupi lake silinaukhulupirire mnofuwo. Apitirize zolimbitsa thupi masiku atatu mpaka asanu, muyesenso. Osewera amatha kunama ndi pakamwa pofuna malo m'timu, koma pa yeso limeneli kuzengereza kumaoneka.

Akakhoza zonsezi, athamange liwiro lonse pa mzere wowongoka, masiku awiri kapena atatu osiyana. Kenaka ayambe zimene mpira umafuna: kunyamuka mwadzidzidzi, kuima, kukhota, kuthamanga ataweramira mpira, kumenya mpira wautali, ndi kubwereza liwiro atatopa, popeza kuvulala kumeneku kumachuluka chakumapeto kwa chigawo chilichonse cha masewero pamene miyendo yalema. Pambuyo pake achite zokonzekera ndi timu yonse kwa sabata yathunthu osapatulidwa pa chilichonse. Kwa mnyamata wathu zonsezi zikhoza kufika cha m'sabata yachinayi kapena yachisanu. Masewero oyamba alowe mphindi 20 kapena 30, osati 90. Wothamanga mipikisano ya mamita 100 kapena 200 amafunika nthawi yotalikirapo, chifukwa iye alibe pobisala. Wampira akhoza kusewera mwanzeru osafika pa liwiro lake lonse, koma wa mamita 100 ntchito yake yonse ili pamwamba penipeni. Za jakisoni wopha ululu kuti munthu asewere fainolo, maganizo anga ndi akuti womubaya akungomuchotsera chinthu chokhacho chimene chikanamuchenjeza.

Kubwerera m'bwalo sikutseka nkhani, popeza amene anavulalapo kale ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu, ndipo zaka zikamachuluka chiopsezocho chimakula. Pali cholimbitsa thupi chimodzi chimene chayesedwa kwambiri, chotchedwa Nodiki, chimenenso chili m'ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+. Munthu amagwada pa chinthu chofewa, mnzake n'kumupanikiza akakolo pansi, ndiye amagwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere kuyambira m'mawondo mpaka kumutu, akudzigwira ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu mpaka italephera, n'kutera ndi manja. Kafukufuku wosiyanasiyana ataphatikizidwa mu 2019 anaonetsa kuti matimu ochita zimenezi amachepetsa kuvulalaku ndi pafupifupi theka. Woyamba kumene achite maulendo asanu kawiri basi, chifukwa masiku awiri otsatira ntchafu zimawawa kwambiri, ndipo asazichite kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti asewere. Wongochira kumene aziyambe pamene kukoka chidendene kwasiya kupweteka, azichita kamodzi kapena kawiri pa sabata nyengo yonse, ndipo sabata iliyonse azikhalanso ndi maulendo angapo a liwiro lonse pa zokonzekera, atatenthetsa thupi mokwanira komanso asanatope.